Mmene mungachepetsere PDF yolemera popanda kuwononga zolemba zake

Chimene chimalemeretsa PDF ndi zithunzi. Buku la masamba 300 la mawu okhaokha likhoza kukhala losakwana 2 MB, koma satifiketi imodzi yojambulidwa ndi foni imatha kufika 4 MB payokha. Ndipo tsamba lililonse limene ladutsa pa sikana kapena pa kamera ya foni ndi chithunzi, ngakhale inu mukuonapo zilembo zokhazokha. Kompyuta sidziwa kuti pamenepo pali mawu. Imangosunga timadontho mamiliyoni ambirimbiri, kuphatikizapo timadontho ta malo oyera amene palibe cholembedwa.

Ndiye kuchepetsa PDF ndi kutaya ena mwa timadonthoto. Timene mwataya sitibweranso, n'chifukwa chake ntchito yonse yagona pa kutaya tokwanira kuti fayilo ipite, n'kusiya tokwanira kuti wolandirayo awerenge dzina, nambala ndi chidindo. Musanayambe chilichonse, koperani fayilo yoyambirira muiike padera, ndipo muzigwira ntchito pa kope lake.

Kuti nkhani isakhale ya m'malere, titsatira fayilo imodzi. Tiyerekeze kuti munthu akufunsira ntchito. Wapita pamalo osindikizira mapepala, amusikanira zonse pamodzi: kalata, CV, satifiketi ya MSCE, dipuloma, pepala la magiredi la ku koleji, chiphaso cha unzika ndi makalata awiri omuchitira umboni. Yatuluka fayilo ya masamba 14, yolemera 38 MB. Olemba ntchito anena kuti akufuna fayilo imodzi yosapitirira 5 MB.

Yambani mwadziwa malire a kumene mukutumiza

Anthu ambiri amayamba kufinya asanadziwe kuti akufuna kufika pati, mapeto ake amafinya mopyola. Gmail imalola kumata mafayilo mpaka 25 MB pa imelo imodzi, ndipo mukapitirira pamenepo imaika fayiloyo pa Google Drive n'kutumiza linki m'malo mwake. Yahoo nayo ndi 25 MB. Koma malire a mbali yanu sindiwo okhawo. Maofesi ambiri amaika malire awoawo pa imelo zolowa, ena 20 MB, ena 10 MB, ndipo imelo yanu ikhoza kuchoka bwinobwino n'kukakanidwa uko.

Palinso kanthu kena kamene sikaoneka. Fayilo ikamamatidwa pa imelo imasandutsidwa zilembo, ndipo pochita zimenezo imakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Fayilo ya 9 MB imayenda ngati 12 MB, motero ofesi ya malire a 10 MB iikana ngakhale inu mukuona kuti ili pansi pa malirewo. Ine ndimati pa imelo ya ku ofesi musapitirire 5 MB ngati n'kotheka, ndipo akakupatsani malire, khalani pansi pake ndithu. Akati 5 MB, yesetsani 4 MB.

Pa WhatsApp nkhani ndi ina. Fayilo yotumizidwa ngati Document imaloledwa mpaka 2 GB, moti 38 MB ija ipita. Chimene chimavuta ndi bandulo, yanu ndi ya wolandira, komanso netiweki yoduladula imene imasiya fayilo ikuzungulira pa theka. Mukatumiza pa gulu la anthu 50, aliyense alipira 38 MB yakeyake. Apa malire mumadziikira nokha, poganizira mnzanu amene foni yake yadzaza kale.

Onani chimene chalemera

Gawani kulemera kwa fayilo ndi chiwerengero cha masamba. Pa foni kulemerako mumakuona mu Files kapena My Files, pa kompyuta ya Windows mumadina fayiloyo ndi batani la kumanja n'kusankha Properties. Yathu ija ndi 38 MB pa masamba 14, kutanthauza pafupifupi 2.7 MB pa tsamba. Tsamba la mawu lochokera mu Word limangolemera ma KB makumi angapo, ndipo tsamba losikanidwa mwanzeru limakhala pakati pa 100 KB ndi 500 KB. Mukaona tsamba likupitirira 1 MB, dziwani kuti pali mafuta ambiri ochotsa. Mukaona kuti lili kale pa 80 KB, kufinya sikukuthandizani kwenikweni, fayiloyo yalemera chifukwa masamba ndi ambiri basi, ndipo njira yake ndi kuigawa.

Kenako tsegulani fayilo muyese kusankha liwu limodzi, ngati mukufuna kulikopera. Likasankhika, mwina tsambalo ndi la mawu enieni. Likakana, ndi chithunzi. Ndati mwina chifukwa mapulogalamu ena osikanira amaika mawu obisika pansi pa chithunzi kuti muzitha kufufuza, choncho yesaninso kukulitsa tsamba kwambiri. Zilembo zenizeni zimakhalabe zakuthwa m'mbali ngakhale mukulitse bwanji, pomwe za pa chithunzi zimayamba kuoneka timabokosi.

Nambala imodzi yoyenera kuimvetsa

Pa sikana ndi pa mapulogalamu ofinyira mudzaona zilembo zakuti dpi. Ndi chiwerengero cha timadontho pa inchi imodzi ya pepala. Pepala la A4 losikanidwa pa 300 dpi limakhala ndi timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, zonse pamodzi pafupifupi 8.7 miliyoni. Mukatsitsa kufika pa 150 dpi, simunachotse theka ayi. Mwachepetsa m'lifupi ndi m'litali momwe, ndiye timadontho totsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukakweza kufika pa 600 dpi, timachuluka kanayi. Choncho tsamba la 600 dpi lili ndi timadontho tochuluka maulendo 16 kuposa la 150 dpi, chonsecho pa sikirini ya foni awiriwa amaoneka chimodzimodzi.

Mtundu nawo umawonjezera. Kadontho kamtundu kamafuna malo katatu kuposa kotuwa kasanafinyidwe, ndipo kotuwa kamafuna malo kasanu ndi katatu kuposa kakuda-kapena-koyera. Pa sikana mitundu itatuyi imalembedwa Color, Grayscale ndi Black and White.

Nanga musankhe chiyani? Pa chikalata choti munthu awerenge pa kompyuta kapena asindikize mwa wamba, 150 dpi imakwana. Pa pepala la tizilembo ting'onoting'ono, monga la magiredi, sitetimenti ya ku banki kapena lisiti, khalani pa 200 dpi. 300 dpi ndi ya zopita kosindikiza mabuku kapena zosunga mpaka kalekale. Pansi pa 100 dpi zilembo za wamba zimayamba kumatana, ndipo pamenepo ndi pamene mafayilo ambiri ofinyidwa mopupuluma amafera. Za Black and White samalani nazo: zimachepetsa kwambiri kalata yotayipidwa, koma pa satifiketi ya pepala lamtundu kapena chidindo chozilala, zimatha kudetsa tsamba lonse bii kapena kufafaniziratu chidindocho.

Chotsani zosafunika musanafinye

Iyi ndi sitepe imene anthu amailumpha, koma siwononga kanthu ngakhale pang'ono. Yang'anani masamba onse limodzi ndi limodzi. Mu fayilo yathu muli masamba awiri opanda kanthu, chifukwa wosikanayo anadutsitsanso kumbuyo kwa mapepala. Tsamba loyera la pa sikana silikhala lopepuka monga mungaganizire, popeza makina amajambula ngakhale timadontho ta fumbi ndi mthunzi wa pepala.

Kuchotsa masamba sikufuna pulogalamu yapadera. Pa kompyuta tsegulani PDF mu Chrome kapena Edge, dinani Ctrl ndi P, pamalo posankha pulinta sankhani Save as PDF, ndipo pa Pages lembani masamba amene mukufuna, mwachitsanzo 1-6, 8-11, 13-14. Pa foni ya Android njira ndi yomweyo: Print, kenako Save as PDF, n'kuchotsa chizindikiro pa masamba osafunika. Mukatha onani kulemera kwa fayilo yatsopanoyo, chifukwa nthawi zina njira yosindikizayi imaikulitsa m'malo moichepetsa. Zikatero gwiritsani ntchito Remove pages kapena Split PDF ya m'mapulogalamu amene nditchule pansipa.

Chachiwiri, funsani ngati tsamba lililonse linayeneradi kusikanidwa. CV ya masamba atatu inalembedwa mu Word, inasindikizidwa, kenako inasikanidwa. Ulendo wozungulirawu wasandutsa mawu opepuka kukhala zithunzi za 8 MB. Bwererani ku fayilo ya Word, dinani File, Save As, sankhani PDF, ndipo pansi pake musankhe Minimum size (publishing online). Masamba atatuwo atuluka ali pafupifupi 200 KB, ali akuthwa kuposa osikanidwa aja. Kalata yokha, popeza ili ndi siginecha ya cholembera, ikhoza kukhalabe yosikanidwa.

Ngati fayilo ya Word ili ndi zithunzi, monga lipoti la ntchito ya kumunda lodzaza zithunzi za pa foni, finyani zithunzizo muli mu Word momwemo. Dinani chithunzi chimodzi, pitani pa Picture Format, kenako Compress Pictures. Chotsani chizindikiro pa Apply only to this picture kuti zonse zifinyidwe, siyani chizindikiro pa Delete cropped areas of pictures, ndipo sankhani Web (150 ppi). Kukoka ngodya ya chithunzi kuti chioneke chaching'ono pa tsamba sikuchichepetsa kulemera, Word imasungabe chonse. Mu LibreOffice zomwezi zili pa Export as PDF, pamene pali Reduce image resolution. Sankhani 150 DPI.

Tikachotsa masamba awiri oyera ndi atatu a CV, tatsala ndi masamba 9 osikanidwa, pafupifupi 24 MB. Sitinafinye kanthu, koma 14 MB yapita.

Ngati mapepala muli nawo pafupi

Kusikananso bwino kumaposa kufinya fayilo yoipa. Pamalo osindikizira muuzeni wosikanayo kuti aike 150 kapena 200 dpi, chifukwa ena amasiya makina pa 600 dpi ndi Color poganiza kuti akukuchitirani zabwino. Ngati mukugwiritsa ntchito foni, musajambule ndi kamera wamba n'kusandutsa zithunzizo PDF. Gwiritsani ntchito chosikanira cha mu Google Drive, Adobe Scan kapena pulogalamu ina yotere, imene imadula m'mbali mwa pepala, kuliwongola ndi kuliyeretsa. Kudula m'mbaliko n'kofunika kuposa mmene kumaonekera. Nsalu ya pa tebulo kapena mphasa yooneka m'mphepete mwa chithunzi imadya malo ambiri kuposa pepala lenilenilo, chifukwa malo a mawangamawanga safinyika bwino. Jambulani masana pafupi ndi windo, osayatsa fulashi. Mumdima kamera imadzaza chithunzi ndi timadontho tonga mchenga, ndipo nato timalemeretsa fayilo.

Pali njira ina ya m'thumba imene ambiri amaidziwa: kudzitumizira zithunzi pa WhatsApp ngati zithunzi wamba, osasankha HD, kenako kupanga PDF ndi zimene zatuluka. WhatsApp imazichepetsa mpaka mbali yaitali ikhale timadontho pafupifupi 1600, zimene pa A4 zikufanana ndi 137 dpi ngati pepala ladzaza chithunzi chonse. Pa kalata zimagwira. Pa pepala la tizilembo ting'onoting'ono n'zam'mphepete kwambiri, sindingakulimbikitseni.

Kufinya kwenikweni, pa foni

Pa foni njira yachidule ndi mawebusayiti monga iLovePDF, Smallpdf kapena tsamba la Adobe lofinyira. Pa iLovePDF mumasankha Compress PDF, mumakweza fayilo, ndipo amakupatsani zosankha zitatu: Extreme compression, Recommended compression ndi Less compression. Yambani ndi yapakatiyo. Extreme musaikhudze pokhapokha yapakatiyo italephera kufika pamene mukufuna, ndipo mukapita ku Extreme, yambiraninso pa fayilo yoyambirira. Kufinya fayilo yofinyidwa kale kumawonjezera chifunga pamwamba pa chifunga, koma kulemera kumatsika pang'ono chabe.

Njirayi ili ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi bandulo: kuti 24 MB ifinyidwe, iyenera kukwera yonse pa intaneti, kenako mutsitse yaing'onoyo. Ngati cholinga chanu chinali kupulumutsa bandulo potumizira munthu mmodzi pa WhatsApp, simunapulumutse kanthu, wapindula ndi wolandira yekha. Chitani zimenezi pamene pali Wi-Fi.

Wachiwiri ndi chinsinsi. Fayilo imakakhala pa makompyuta a eni webusayitiyo kunja kwa dziko. Odziwika bwino amalonjeza kuifufuta pakapita maola ochepa, ndipo pa timapepala ta msonkhano kapena manotsi a kusukulu ine sindiona vuto. Koma chiphaso cha unzika, pasipoti, sitetimenti ya ku banki, zotsatira za kuchipatala, kapena mafayilo a ku ntchito okhala ndi mayina a anthu ena, zimenezo ndi bwino kuzifinyira pa makina anu omwe. Ndipo webusayiti yosadziwika imene ikukuuzani kuti muyambe mwaika pulogalamu yake kapena mulembe nambala ya foni, itsekeni.

Kufinya pa kompyuta, popanda intaneti

Pa Windows, PDF24 Creator ndi yaulere ndipo mukangoiika imagwira ntchito popanda intaneti. Ubwino wake ndi wakuti imakulolani kulemba nokha manambala m'malo mongosankha pakati pa zambiri ndi zochepa. Tsegulani Compress PDF, ikani fayilo, pa DPI lembani 150, pa Image quality ikani cha m'ma 75, ndipo mtundu muusiye ngati muli zidindo zofunika kuoneka mtundu wake. Ikatha imakuonetsani kulemera kwatsopano, ndiye mukhoza kusintha manambala n'kuyesanso mpaka mutakhutira.

Nambala yachiwiriyo, ya Image quality, ndi yosiyana ndi dpi. Iyo sichepetsa chiwerengero cha timadontho, koma imauza pulogalamu kuti itaye zochuluka bwanji posunga chithunzi. Pakati pa 60 ndi 80 diso silizindikira kwenikweni. Mukatsika pansi pa 40, m'mbali mwa zilembo mumatuluka timizukwa totuwa, ndipo pepala loyera limaoneka ngati lathimbirira.

Pa Mac muli kale njira mu Preview: File, Export, kenako pa Quartz Filter musankhe Reduce File Size. Palibe poikira manambala, ndipo nthawi zina imafinya mopyola, choncho onani zotsatira zake ndi maso awiri.

Amene saopa kulemba malamulo pa kompyuta, Ghostscript ndiye chida chenicheni, ndipo ndi yaulere. Pa Linux ndi Mac lamulo lake ndi ili:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -dPDFSETTINGS=/ebook -o yaingono.pdf yaikulu.pdf
```

Pa Windows m'malo mwa gs mumalemba gswin64c, ndipo kompyuta ikati sikulidziwa, lembani njira yonse yopita mu foda ya bin ya Ghostscript. Liwu lakuti /ebook limatsitsa zithunzi kufika pa 150 dpi, /screen pa 72 dpi, /printer pa 300 dpi. Dzina la fayilo yotuluka lisafanane ndi la yolowa, mukatero muwononga yoyambirira.

Ghostscript ili ndi khalidwe limodzi losokoneza. Sikhudza chithunzi pokhapokha chikapitirira mlingo umene mwapempha ndi theka lake. Ndiye kuti pa /ebook, tsamba losikanidwa pa 200 dpi silitsitsidwa, chifukwa silinafike 225. Mukaona fayilo yatuluka ili pafupifupi chimodzimodzi, chifukwa chake chimakhala chimenechi, ndipo mumaikakamiza motere:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -dPDFSETTINGS=/ebook -dColorImageDownsampleThreshold=1.0 -dGrayImageDownsampleThreshold=1.0 -o yaingono.pdf yaikulu.pdf
```

Tibwerere ku fayilo yathu. Masamba 9 aja anasikanidwa pa 600 dpi, ndiye kuwatsitsa kufika pa 150 dpi kukuchotsa timadontho 15 pa 16 tilitonse. Pa masamu okha, 24 MB ikanatsika kufika pa 1.5 MB. Kulemera sikutsata masamuwo ndendende, koma kuyembekezera 2 MB kapena 3 MB n'koyenera. Tili kale pansi pa 5 MB, ndipo tili ndi malo otsala.

Tsegulani muone, tsamba lililonse

Apa ndi pamene ntchito imachitikira kapena kuwonongekera. Musangoona nambala ya MB n'kutumiza. Tsegulani fayilo yatsopano, pitani pa tsamba lovuta kwambiri, kulitsani kufika pa 200%, ndipo werengani mokweza nambala ya mayeso, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso ndi mawu a m'chidindo. Yang'anitsitsani 3 ndi 8, 6 ndi 8, 1 ndi 7. Ngati mukuwerenga chifukwa choti mukuidziwa kale nambalayo pamtima, patsani munthu wina ayese.

Kusamala manambala sikungokhala mantha chabe. Mu 2013 katswiri wina wa makompyuta wa ku Germany, David Kriesel, anapeza kuti makina ena osikanira a Xerox ankasintha manambala pa zikalata, 6 n'kukhala 8, chifukwa cha njira yofinyira yotchedwa JBIG2 imene inkatenga zilembo zofanana n'kuziyesa chimodzi. Tsambalo linkaoneka laukhondo, koma nambala ili yabodza. Kampaniyo inakonza vutolo, koma njira zofinyira kwambiri masamba akuda ndi oyera zimene zimagwira ntchito motere zikadalipo, choncho pa chikalata cha ndalama yerekezerani manambala angapo ndi pepala lenileni.

Mu chitsanzo chathu, tinene kuti makalata ndi masatifiketi atuluka bwino, koma masamba awiri a magiredi, okhala ndi tizilembo tating'ono pa pepala la mizeremizere, achita chifunga. Musakweze dpi ya fayilo yonse chifukwa cha masamba awiri. Bwererani ku fayilo yoyambirira, patulani awiriwo ndi Split PDF, afinyeni paokha pa 200 kapena 250 dpi, otsala 7 akhale pa 150 dpi. Kenako lumikizani zonse ndi Merge PDF, CV yochokera mu Word ija ili pamalo pake. Awiriwo mwina atenga 1 MB, asanu ndi awiri aja 2 MB, CV 200 KB, ndipo fayilo yonse ya masamba 12 ikhala pakati pa 3 MB ndi 4 MB. Kulumikiza kukhale komaliza, ndipo mukalumikiza musafinyenso.

Ipatseni dzina lomveka, monga dzina lanu ndi udindo umene mukufunsira, osati scan0007_compressed(2).pdf. Dzitumizireni kaye nokha, muitsegule pa foni, muone ngati masamba ali m'ndondomeko ndipo palibe lozondoka.

Mafayilo ena osayenera kufinyidwa

PDF yosainidwa ndi siginecha ya pakompyuta, ija imene Adobe Reader imaonetsa uthenga pamwamba kuti yasainidwa, musaikhudze. Siginecha yotere imatsimikiza kuti fayilo sinasinthidwe ngakhale pang'ono, ndiye kufinya kumaifafaniza kapena kuichititsa kuoneka yosavomerezeka. Itumizeni mmene ilili. Siginecha ya cholembera yosikanidwa ilibe vuto limeneli, ndi chithunzi chabe.

Fayilo yokhala ndi pasiwedi, monga masitetimenti amene mabanki amatumiza, imakana kufinyidwa mpaka mutaitsegula ndi pasiwediyo, ndipo yotulukayo nthawi zambiri imakhala yopanda loko. Kumbukirani zimenezo musanaitumize. Fomu yokhala ndi malo olembamo pa kompyuta nayo imatha kutaya malowo, makamaka mukaidutsitsa pa Save as PDF. Ndipo ngati tsamba lili ndi khodi ya QR kapena mizere ya bakhodi, iyeseni ndi foni mutafinya, muone ngati ikuwerengekabe.

Ikakanabe kutsika

ZIP musavutike nayo. Zithunzi za mu PDF zinafinyidwa kale, ndiye kuziika mu ZIP kuli ngati kufinya chovala chimene chauma kale padzuwa: 24 MB ituluka 23 MB, ndipo mwangowonjezera ntchito kwa wolandira amene ali pa foni.

Buku losikanidwa la masamba 400 silingafike 5 MB lili lowerengeka ngati lili la mtundu, chifukwa zikutanthauza pafupifupi 12.5 KB pa tsamba. Chitani masamu amenewa musanataye nthawi: malire anu gawani ndi masamba, ndipo yankho likatsika pansi pa 50 KB pa tsamba, njira yokhayo yofinyira ndi Black and White, imene imagwira pa mawu otayipidwa bwino okha. Apo ayi gawani fayilo potsata mitu yake, mutumize pa maimelo osiyana. Kumata zidutswa zonse pa imelo imodzi sikuthandiza, popeza malire amawerengera imelo yonse. Lembani pamutu pa imelo iliyonse kuti ndi gawo 1 mwa 3, gawo 2 mwa 3, kuti wolandira adziwe ngati lina lasowa.

Njira yotsala ndi linki. Kwezani fayilo pa Google Drive, dinani Share, ndipo muike imelo ya wolandirayo kapena musinthe General access kuchoka pa Restricted kupita pa Anyone with the link. Mukaiwala, mnzanuyo akumana ndi uthenga woti apemphe chilolezo, ndipo ngati ndi ofesi, mwina sapempha n'komwe. Anyone with the link ikutanthauza kuti aliyense amene linkiyo yamufika atsegula, choncho pa zikalata zachinsinsi ikani imelo ya munthuyo basi. Pofunsira ntchito kapena malo a sukulu, ngati anena kuti mumate fayilo, linki musatumize. Maofesi ena amaletsa antchito awo kutsegula malinki ochokera kunja, ndipo amene akusanja makalata mazanamazana amangotsitsa zimene zamatidwa pa imelo.